Pulojekita ya ku tchalitchi inasiya kuphethira nditachotsa adaputala imodzi

Laputopu yanga ili ndi kabowo kotulutsira chithunzi ka mtundu wa DisplayPort kokha, pomwe pulojekita yathu ndi yakale, ya kabowo ka mtundu wa VGA. Ndinalumikiza maadaputala awiri, ya DisplayPort kupita ku HDMI, kenako ya HDMI kupita ku VGA. Chithunzi chinkangoti waliwali n'kuzima, nthawi zina pakhoma pankangolembedwa No Signal.

Vuto linali magetsi. Adaputala ya VGA ija ili ndi kachipu mkati kosandutsa chithunzi cha dijito kukhala cha analogi, ndipo kamadalira mavoti 5 ochokera pa HDMI. Koma DisplayPort imatulutsa mavoti 3.3 okha. Adaputala yoyambayo imawakweza ndithu kufika pa 5, kungoti mphamvu yake ndi yochepa, yosakwanira kuyendetsa kachipu kena. Magetsi akatsika kachipuko kamazima n'kuyambanso, n'chifukwa chake chithunzi chinkaphethira. Kakazima, uthenga wa EDID, umene pulojekita imauzira kompyuta kukula kwa chithunzi chimene ingalandire, sufikanso.

Ndinatsimikiza pobwereka adaputala ya HDMI kupita ku VGA yokhala ndi kabowo ka USB. Nditangoilumikiza ku chaja ya foni, chithunzi chinakhazikika. Kenako ndinagula imodzi yokha, ya DisplayPort kupita ku VGA. Pogula muwerenge bwino pa paketi, chifukwa zambiri zimagwira mbali imodzi basi, mukaitembenuza siionetsa kanthu.