Vuto la nthawi zosemphana m'zonena za mboni

Lipoti la apolisi linati ngozi inachitika 14:20, mboni ina inati "dzuwa litapendeka", pomwe kamera ya pamsewu inalemba 15:05. Maloya ankafuna ndondomeko imodzi ya nthawi, koma kungoika zonse pa mzere umodzi kunachititsa kuti zioneke ngati ambulansi inafika ngozi isanachitike.

Chimene chinakonza vutoli ndi kugawa nthawi m'mizati itatu pa Excel: nthawi yomwe chinthu chinachitika, nthawi yomwe munthu anachinena, ndi nthawi yomwe chinalembedwa. Zitagawidwa, zinaoneka kuti 14:20 inali nthawi yomwe foni inalandiridwa ku polisi, osati ya ngozi. Izi zimasokoneza kwambiri chifukwa wapolisi nthawi zambiri amalemba zimene anamva, osati zimene anaona.

Kamera nayo sinali yolondola. Tinayerekeza wotchi yake ndi nthawi ya foni yomwe mboni inaimba ikuonekera pa kamerayo, ndipo wotchiyo inali patsogolo ndi mphindi 50. Tinachotsa mphindizo pa nthawi zonse za kamerayo, moti 15:05 inakhala 14:15, koma tinasunga nthawi yoyamba mu mzati wake, chifukwa loya wa mbali ina adzafunsa kumene 14:15 yachokera.

Mawu osatsimikiza ngati "dzuwa litapendeka" sitinawapatse ola lenileni. Tinalemba pakati pa 13:00 ndi 15:30, ndi mawu a mboniyo momwe anawanenera. Mzere uliwonse uli ndi tsamba ndi ndime ya chikalata chomwe unachokera, ndipo pomwe mboni ziwiri zikutsutsana, zonse ziwiri zili pa mizere yosiyana yopakidwa zofiira, kuti maloya asankhe okha.