Momwe mungadziwire ngati mndandanda wosatha ungasinthe yankho mukausakaniza

Tinakula tikudziwa kuti 2 + 5 ndi 5 + 2 n'chimodzimodzi. Koma manambala ophatikizawo akakhala osatha, lamuloli limatha kukunamizani. Tengani mndandanda uwu:

1 − 1/2 + 1/3 − 1/4 + 1/5 − ...

Choyamba, onani ngati ukukhazikika pa nambala ina, kutanthauza kuti mukamawerengera manambala ochulukirachulukira, chiwerengero chikunka nichiyandikira nambala imodzi. Zizindikiro zikusinthanasinthana, kuphatikiza kenako kuchotsera, ndipo manambala akunka nachepa kulowera ku 0. Zikatere, lamulo la katswiri wa masamu Leibniz limati mndandandawo umakhazikika. Uwu umafika pa ln 2, pafupifupi 0.693.

Ambiri amalekera pomwepa, ndipo mpamene amagwa.

Chachiwiri, fufutani zizindikiro zonse zochotsera, muone chotsala: 1 + 1/2 + 1/3 + 1/4 + ... Ikani manambalawo m'magulu. 1/3 + 1/4 imaposa theka. Kuyambira 1/5 mpaka 1/8, manambala anayiwo akuposanso theka, chifukwa palibe yochepera 1/8. Asanu ndi atatu otsatira chimodzimodzi. Matheka ake satha, choncho chiwerengero chimangokwera popanda malire. Ndiye kuti mndandanda wathu uja unakhazikika chifukwa choti ophatikiza ndi ochotsera ankadyana. Uku ndiko kukhazikika kodalira dongosolo. Ukanakhazikikabe zizindikiro zitafufutidwa, tikanati ndi kukhazikika kotheratu.

Tsopano onani vuto lake. Sanjaninso manambala omwewo, wophatikiza mmodzi azitsatiridwa ndi ochotsera awiri:

(1 − 1/2) − 1/4 + (1/3 − 1/6) − 1/8 + (1/5 − 1/10) − 1/12 + ...

Mukawerengera za m'mabulaketi mupeza 1/2 − 1/4 + 1/6 − 1/8 + 1/10 − ... Yang'anitsitsani: nambala iliyonse ndi theka la inzake ya mu mndandanda woyamba. Yankho latsikira pa 0.347, chikhalirecho sitinataye nambala ngakhale imodzi. Ine nditangoziona koyamba ndinabwereza katatu, ndikuyesa kuti ndaphonya penapake.

Gwero lake ndi lakuti ophatikiza paokha alibe malire, ochotsera paokha alibenso malire. Katswiri wa masamu Riemann anatsimikiza kuti mndandanda wotere mukhoza kuukokera pa nambala iliyonse imene mwafuna pongousanjanso. Mukufuna 3? Phatikizani mpaka mudutse 3, chotserani mpaka mutsike pansi pake, n'kumabwereza. Poti manambala akucheperachepera, kudumphako kumanka kuchepanso.

Yesani njira ija yofufuta zizindikiro pa 1 − 1/4 + 1/9 − 1/16 + ... Mukafufuta zizindikiro, 1 + 1/4 + 1/9 + ... sikufika ndi pa 2 pomwe, imakhazikika pa π²/6, pafupifupi 1.645. Uwu ndi wokhazikika kotheratu, ndipo katswiri wina, Dirichlet, anaonetsa mu 1837 kuti wotere mukhoza kuusakaniza mmene mungafunire. Yankho lake likhalabe π²/12, pafupifupi 0.822.