Momwe mungasankhire helemeti ya njinga yamoto yokukwanani komanso yoteteza mutu

Pa siteji ya akabaza mumaona mitundu yonse ya zipewa. Wina wavala helemeti yobisa nkhope yonse, wina wavala chipewa cha amisiri omanga nyumba, wina helemeti yake yangokhala pamwamba pa mutu, lamba akulendewera pambali. Onsewa akhoza kunena kuti avala, koma njinga ikagwa si onse amene mitu yawo ingapulumuke. Helemeti imagwira ntchito pokhapokha zinthu zitatu zili m'malo: ikhale yokukwanani, m'kati mwake mukhale fomu yolimba, ndipo lamba wake akhale womangidwa. Mtundu wa penti ndi zojambula zakunja zilibe gawo pamenepa.

1. Yezani mutu musanapite kumsika

Pemphani tepi ya telala, yofewa ija yoyezera zovala. Izungulizeni kumutu podutsa pachipumi, masentimita awiri pamwamba pa nsidze, kenako pamwamba pa makutu ndi kunkhongo pamene pali potumphuka kwambiri. Tepi igwire khungu koma isafinye. Ngati tepi palibe, zungulizani chingwe, muike chizindikiro pomwe chakumana, ndipo muchiyeze pa rula. Yezani kawiri kapena katatu n'kutenga nambala yaikulu.

Opanga mahelemeti ambiri amalemba masaizi motere: S ndi masentimita 55 mpaka 56, M ndi 57 mpaka 58, L ndi 59 mpaka 60, XL ndi 61 mpaka 62. Nambalayi ikungokuuzani poyambira, chifukwa M wa kampani ina akhoza kukhala wothina kuposa M wa inzake. Yezani mutu uli momwe umakhalira pokwera njinga. Mayi amene amakhala ndi malukidwe aakulu ayeze tsitsi lili choncho, ndipo ngati ndi kotheka alimangire m'munsi cha kunkhongo. Kugula helemeti yaikulu n'cholinga choti mulowe kapusi kapena chipewa chaubweya ndi kudzinamiza, popeza tsiku limene mwasiya chipewacho helemeti idzangokhala khwekhwerere.

2. Itembenuzeni muone m'kati

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ogula ambiri sapayang'ana. Helemeti ili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli chigoba cholimba, chimene chimamwaza mphamvu ya kugunda komanso kuletsa mwala kapena chitsulo kuboola. M'kati mwenimweni muli kansalu ndi siponji yofewa, zomwe ntchito yake ndi kuti mutu ukhale bwino ndi kumwa thukuta basi. Pakati pa ziwirizi pali fomu yolimba, yofanana ndi yoyera ija amatchinjirizira wailesi yakanema yatsopano m'katoni, koma yothinana kwambiri. Fomu imeneyi ndiyo imapulumutsa ubongo.

Chifukwa chake ndi ichi. Mutu ukamenya tala, chigaza chimaima mwadzidzidzi koma ubongo umapitirira n'kukagunda m'kati mwa chigazacho. Fomu ikamaphwanyika imachedwetsa kuimako pang'ono, ndipo pang'ono pomwepo mpamene pamasiyanitsa kudzuka ndi chizungulire ndi kukha magazi m'mutu. Chipewa cha omanga chilibe fomuyi. Anachipangira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, osati munthu wogwa chammbali n'kukhwekhwerezeka pamsewu, ndipo chimavuka mutu usanafike pansi. Helemeti ya njinga yakapalasa nayo ili ndi fomu, koma anaiyezera liwiro lochepa ndipo imasiya poyera mbali yaikulu ya mutu.

Choncho kwezani kansalu kam'kati ndi chala. Muyenera kupeza fomu yochindikala masentimita awiri kapena kuposa, yofika pachipumi, pamwamba, m'mbali ndi kunkhongo. Idinikizeni ndi chala chachikulu: yabwino imakana, siibonyoka. Mukapeza siponji yofewa yokhayokha yomatidwa pa pulasitiki, ibwezeni pomwepo ngakhale mtengo utatsika bwanji. Muinyamulenso m'manja. Helemeti yabwino yobisa nkhope yonse imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo yopepuka kosakwana theka la kilogalamu ndi yokayikitsa. Gwirani m'mbali mwake n'kuyesa kufinya. Ikhoza kugonja pang'ono, koma ikapindika mosavuta ndiye kuti chigobacho ndi chopyapyala.

Pa mitundu, yobisa nkhope yonse ndiyo yoteteza koposa, chifukwa munthu akauluka kudutsa pa mahandulo kawirikawiri amafikira chibwano ndi mano. Yotsegula kumaso imapepuka ndipo siitentha kwambiri, zomwe munthu wa ku Nsanje kapena ku Karonga m'mwezi wa Okutobala angazimvetse, koma nsagwada imazisiya pamtetete. Ngati vuto ndi kutentha, funani yobisa nkhope yokhala ndi timabowo tolowetsa mphepo pachibwano ndi pamwamba.

3. Werengani chizindikiro, koma musachikhulupirire chokha

Helemeti yoyesedwa motsatira malamulo a ku Ulaya, otchedwa ECE 22.05 kapena atsopano a ECE 22.06, imakhala ndi kansalu kosokerera pa lamba. Pakansaluko pali chilembo E ndi nambala m'kati mwa kamzere kozungulira. Nambalayo imasonyeza dziko limene linavomereza, mwachitsanzo E1 ndi Germany ndipo E11 ndi Britain. Pansi pake pali nambala yaitali yoyamba ndi 05 kapena 06, yotsatizana ndi chilembo. P akutanthauza kuti chotchinga chibwano chinayesedwa ndipo chimateteza, J ndi helemeti yotsegula kumaso, pamene NP ndi yokhala ndi chotchinga chibwano chimene sichiteteza. Ya NP imaoneka ngati yobisa nkhope yonse koma kutsogoloko n'kongotchinga fumbi.

Za ku America zimalembedwa DOT kumbuyo, za ku India zimakhala ndi chizindikiro cha ISI. Dziwani kuti pa DOT kampani yopangayo ndiyo imadzichitira umboni kuti yatsatira lamulo, ndipo sitika ya zilembo zitatuzi aliyense akhoza kusindikiza. Sitika ikanena zabwino koma chala chanu sichinapeze fomu, khulupirirani chala.

4. Ivaleni ndipo muivutitse

Gwirani malamba onse awiri, muwakokere kumbali n'kulowetsa mutu. Ya saizi yanu imalowa mokakamiza pang'ono ndipo imakhudza makutu. Yongolowa yokha mosavuta nthawi zambiri ndi yaikulu. Ikhale mowongoka, mkombero wake wakutsogolo uli pamwamba pang'ono pa nsidze, osati itapendekekera kumbuyo chipumi chili pabwalo.

Mangani lamba mpaka pakati pa lamba ndi khosi pangolowa chala chimodzi kapena ziwiri. Tsopano gwirani helemeti ndi manja awiri n'kuipotoza kumanja ndi kumanzere mutu uli chilili. Khungu la pachipumi ndi masaya ziyende nayo limodzi. Ikamazungulira yokha khungu lili phee, ndi yaikulu. Yesani kulowetsa chala pakati pa chipumi ndi helemeti; chisalowe. Pomaliza weramitsani mutu, mnzanu agwire mkombero wa kunkhongo n'kukokera m'mwamba ndi kutsogolo mwamphamvu ngati akufuna kuivula. Ikavuka, kapena ikatsika mpaka kuphimba maso, idzachitanso zomwezo pangozi.

Tiyerekeze mnyamata amene mutu wake wakwana masentimita 57. Wogulitsa wamupatsa L, nati, "Achimwene, tengani iyi, muzipuma bwino." Yalowa mosavuta ndipo akumva kukoma, koma poipotoza ikuyenda yokha ndipo zala ziwiri zikulowa pachipumi. Wavala M: masaya afinyika, polankhula akumva ngati adziluma m'kati mwa tsaya, ndipo akufuna kuivula. Yoyenera ndi M yomweyo. Siponji yam'masaya imaphwa pakatha milungu ingapo yovala tsiku ndi tsiku, choncho imene ikuthina pang'ono lero idzakhala yokwana, pamene L uja adzangowonjezera kukula.

Koma kuthina kuli pawiri. Kufinya kofanana kuzungulira mutu wonse n'kwabwino. Kubaya malo amodzi n'koipa. Mnyamatayu akhale nayo kumutu mphindi 10 kapena 15 akucheza ndi wogulitsa. Akaivula n'kupeza chipumi chikuwawa pamalo amodzi, kapena mutu wayamba kugunda m'mbali, vuto si saizi koma kaumbidwe. Mitu ina ndi yozungulira, ina ndi yotalika kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo mahelemeti nawo amaumbidwa mosiyana. Asakwere kupita pa L. Ayese M wa kampani ina. Ndipo asayerekeze kupala fomu ndi mpeni kuti mutu upeze malo.

Muli pomwepo, yang'anani pamene lamba walumikizana ndi chigoba. Pakhale timisomali tachitsulo togwira zolimba, osati guluu kapena kapulasitiki. Chomangira cha mphete ziwiri zachitsulo sichiwonongeka wamba. Chodina chija chimafulumira, koma mukachimanga chikokeni mwamphamvu muone ngati sichitseguka. Galasi lakutsogolo likhale loyera ndipo lisapotoze zinthu mukayang'ana. Lakuda limathandiza masana, koma wa kabaza wogwira ntchito mpaka usiku limamubisira munthu woyenda pansi ndi maenje.

5. Ya pakaunjika, ndi nthawi yoisiya

Fomu ija imagwira ntchito kamodzi. Ikaphwanyika siibwerera, ndipo chigoba chikhoza kuoneka chatsopano pamene m'kati munatha kale. N'chifukwa chake helemeti imene yagunda pansi mutu uli momwemo iyenera kutayidwa, ngakhale kunja kutangokalika pang'ono. Vuto la ya pakaunjika ndi lomweli: simukudziwa chimene mwini wake woyamba anaitayira. Ngati thumba silikulola kugula yatsopano, chotsani kansalu konse kam'kati n'kuyendetsa zala pa fomu yonse pofufuza ming'alu, malo obonyoka kapena ofumbutuka. Onaninso ngati lamba sanayambe kuthothoka ulusi, ndipo funani kapepala ka tsiku limene inapangidwa, kamene kamamatidwa pansi pa kansaluko. Opanga ambiri amalangiza kusintha helemeti ikagwira ntchito zaka pafupifupi zisanu, ndipo yokhala padzuwa ndi thukuta tsiku lililonse imatopa msanga.

Petulo amasungunula fomuyi, choncho musaike kabotolo ka mafuta m'helemeti kapena kuivundikira pakamwa pa thanki. Penti ndi thina wosungunulira penti zimafooketsa chigoba cha pulasitiki. Potsuka, madzi ndi sopo wamba n'zokwanira. Kuikoleka pa galasi loonera kumbuyo nakonso kumabowola fomu pang'onopang'ono pamalo amodzimodzi.

Kwa inu okwera kabaza tsiku lililonse popita kuntchito, helemeti imene woyendetsa amakupatsani nthawi zambiri ndi yaikulu, chifukwa anaigulira mutu wa aliyense. Fupikitsani lamba musanakwere ngakhale woyendetsa akufulumira, ndipo ngati chomangira chinathyoka kwerani njinga ina. Mukagula yanu, muiyese motsatira njira zomwezi. Mwana naye ayezedwe mutu ndi tepi n'kupezeredwa ya saizi yake, chifukwa ya bambo ake imamulemera khosi ndipo imavuka ngakhale lamba atamangidwa mpaka kumapeto.