Dzira limodzi patsiku: kodi mtima wanu uli pachiopsezo?

Dzira limodzi lalikulu lili ndi kolesterolo, chinthu chonga mafuta chimene chimapezekanso m'magazi athu, wokwana mamiligalamu pafupifupi 186, ndipo yenseyo ali m'mbali yachikasu ija. Mbali yoyera ilibe kolesterolo ngakhale pang'ono. Apa ndi pamene panachokera mantha amene anthu ambiri ali nawo mpaka lero, makamaka amene auzidwa kuchipatala kuti magazi awo akuthamanga kapena kuti shuga wakwera. Ena amangoleka mazira tsiku lomwelo. Ine ndimadandaula ndikamva zotero, chifukwa kawirikawiri amasiya chakudya chomanga thupi, pamene zimene zikuwavulaza kwenikweni zikadali m'mbale.

Manthawa ali ndi mbiri yake. M'chaka cha 1913, dokotala wa ku Rasha dzina lake Nikolai Anichkov anadyetsa akalulu kolesterolo wambiri, ndipo mitsempha yawo ya magazi inachita zipupa zamafuta zofanana ndi zimene zimatseka mitsempha ya mtima wa munthu. Koma kalulu amadya udzu ndi masamba, thupi lake silinazolowere kolesterolo wa m'zakudya. Thupi la munthu n'losiyana. Komabe maganizo aja anazika mizu, ndipo mu 1968 bungwe loona za matenda a mtima la ku Amereka linalangiza kuti munthu asapyole mazira atatu pasabata, komanso asapyole mamiligalamu 300 a kolesterolo patsiku.

Chimene tiyenera kumvetsa choyamba n'chakuti kolesterolo wa m'mbale ndi kolesterolo wa m'magazi si chinthu chimodzi. Wochuluka amene ali m'thupi mwanu amapangidwa ndi thupi lomwelo, makamaka chiwindi, chifukwa amafunika popanga ndulu, mahomoni ndi vitamini D. Mukadya kolesterolo, matumbo amatengako pafupifupi theka, wotsalayo amatuluka. Ndipo chiwindi chikaona kuti walowa wambiri, chimachepetsa amene chimapanga. N'chifukwa chake ofufuza akamawonjezera dzira limodzi patsiku pa zakudya za anthu, kolesterolo woipa uja, amene papepala la zotsatira amalembedwa LDL, amakwera pang'ono chabe: kwa ambiri ndi pafupifupi 0.1 mpaka 0.2 mmol/L, womwe ndi muyeso wa kolesterolo m'magazi. Amakweradi, ndipo amene amati mazira sakhudza magazi n'komwe akunama. Kungoti kukwerako n'kochepa.

Komanso anthu samvera mofanana. Mu 1991 magazini ina ya zachipatala ya ku Amereka inalemba za mkulu wa zaka 88 amene ankadya mazira 25 patsiku kwa zaka zambiri, koma kolesterolo wa m'magazi mwake anali bwinobwino. Atamupima anapeza kuti matumbo ake ankatenga kolesterolo wochepa kwambiri, ndipo chiwindi chake chinkasandutsa wambiri kukhala ndulu. Ameneyo ndi munthu mmodzi, musatengerepo. Alipo ena amene LDL wawo amakwera kwambiri ndi mazira awiri okha patsiku, ndipo simungadziwe kuti muli mbali iti pongodziyang'ana pagalasi.

Nanga pa matenda enieniwo, osati manambala a m'magazi okha, kafukufuku akuti chiyani? Mu 1999 akatswiri a ku yunivesite ya Harvard anatulutsa zimene anapeza atatsatira amuna ndi akazi oposa 117,000 kwa zaka zambiri. Amene ankadya mpaka dzira limodzi patsiku sanadwale mtima kapena sitiroko kuposa amene ankadya mazira mwa apo ndi apo. Mu 2015 malangizo a boma la Amereka a kadyedwe anachotsa malire aja a mamiligalamu 300, ngakhale anapitiriza kunena kuti kolesterolo wa m'zakudya azikhala wochepa. Mu 2018 kafukufuku wa ku Tchaina wa anthu pafupifupi 500,000 anapeza kuti odya dzira pafupifupi tsiku lililonse ndi amene ankadwala mtima mocheperapo.

Kenaka mu 2019 kunatuluka kafukufuku amene anabwezeretsa mantha. Anaphatikiza magulu 6 a ku Amereka, anthu 29,615, amene anawatsatira kwa zaka pafupifupi 17 ndi theka. Anapeza kuti theka lililonse la dzira lowonjezera patsiku linkayendera limodzi ndi kukwera kwa chiopsezo cha matenda a mtima ndi mitsempha ndi 6 peresenti. Sindikufuna kuti zimenezi tizinyoze, chifukwa anali kafukufuku wochitidwa mosamala. Koma timvetse tanthauzo la 6 peresentiyo. Sakutanthauza kuti anthu 6 pa 100 alionse anadwala chifukwa cha dzira. Akutanthauza kuti chiopsezo chimene munthu anali nacho kale chinakwera pang'ono, moti pa anthu 100 amene angatsatiridwe kwa zaka zambirimbiri, odwala owonjezereka angakhale pafupifupi mmodzi. Vuto lina n'lakuti anthuwo anafunsidwa za kadyedwe kawo kamodzi kokha, poyambirira. Ndani amadya chimodzimodzi kwa zaka 17? Chaka chotsatira, mu 2020, a ku Harvard aja anatulutsa kafukufuku wa anthu oposa 215,000 amene ankafunsidwa za kadyedwe mobwerezabwereza kwa zaka mpaka 32, n'kuphatikizanso zotsatira za magulu ena kufika anthu 1.7 miliyoni. Sanapeze kuti dzira limodzi patsiku limawonjezera matenda a mtima.

Mwina mukudabwa kuti akatswiri akutsutsana chifukwa chiyani. Chifukwa chachikulu n'chakuti dzira silidyedwa lokha. Ku Amereka, munthu wodya mazira ambiri nthawi zambiri amadyanso soseji, nyama ya nkhumba yothira mchere ndi batala, ndipo m'magulu aja odya mazira ambiri ankakhalanso onenepa kapena osuta fodya. Ku Tchaina, odya dzira tsiku lililonse anali kawirikawiri anthu opeza bwino, okhala m'tauni. Ofufuza amayesetsa kuchotsa zosokoneza zoterezi powerengera, koma sizichoka zonse. Choncho dzira limatha kusenza mlandu wa soseji kumalo ena, n'kulandira chiyamiko cha moyo wabwino kumalo ena.

Apa ndiye pagona langizo langa lalikulu. Chimene chimakweza LDL mwamphamvu ndi mafuta amene amaundana akazizira, monga batala, mafuta a nyama yonona, a m'soseji, a mutchizi ndi a kokonati. Mafuta amenewa amachititsa chiwindi kuchepetsa timakomo timene chimakolera LDL kuchoka m'magazi, ndiye LDL amangozungulira n'kumalowa m'zipupa za mitsempha. Dzira limodzi lili ndi mafuta oterewa okwana galamu imodzi ndi theka yokha. Supuni yaikulu imodzi ya batala ili ndi magalamu pafupifupi 7. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati mafuta oundanawa asapitirire 10 peresenti ya mphamvu zimene timapeza m'zakudya, omwe ndi magalamu pafupifupi 22 patsiku kwa munthu wamkulu wodya mwapakatikati.

Titenge chitsanzo. Bambo wa zaka 52, alibe shuga, sasuta, koma atapimitsa magazi LDL wake ndi 3.9 mmol/L, pamene kwa munthu wopanda matenda ena madokotala ambiri amafuna kuti akhale pansi pa 3.0. M'mawa uliwonse amadya mazira awiri okazinga ndi supuni ya batala, soseji ziwiri ndi buledi wopakanso batala. Tiwerengere. Mazira awiriwo apereka magalamu atatu a mafuta oundana. Batala wokazingira ndi wopaka pabuledi wapereka magalamu oposa 10. Soseji ziwiri zonona zitha kupereka ena 8 kapena 10. Asanatuluke m'nyumba wamaliza kale kapena watsala pang'ono kumaliza magalamu 22 a tsiku lonse, ndipo gawo la mazira pamenepo ndi laling'ono kuposa onse. Bamboyu akasiya mazira okha n'kuwonjezera soseji yachitatu kuti akhute, zinthu ziipiraipira.

Chimene ndingamulangize ndi ichi. Achotse soseji, kapena azidya mwa kamodzikamodzi. Mazira aziwiritsa, apo ayi azikazinga ndi timafuta tochepa ta mpendadzuwa kapena ta maolivi. Atsike pa awiri kufika pa limodzi patsiku, ndipo ngati sakukhuta awonjezere mbali yoyera ya dzira lachiwiri, kapena nyemba. Nyemba ndi phala la otsi zili ndi ulusi umene umakola ndulu m'matumbo, ndiye chiwindi chimakakamizika kutenga kolesterolo wa m'magazi kuti chipange ndulu ina. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu akapimitsenso, makamaka kumalo komweko kumene anapimitsa poyamba. Kusiyana kwa 0.1 kapena 0.2 asakutengere kumtima, chifukwa zotsatira zimasinthasintha pang'ono ngakhale munthu asanasinthe kalikonse. LDL akatsika kufika cha m'ma 3.3, adziwe kuti kadyedwe kake ndi kamene kanali ndi vuto. Akakhala pomwepo, angayese kuchepetsa mbali yachikasu kufika itatu pasabata kwa miyezi ina iwiri, kuti aone ngati ali m'gulu la omvera kwambiri lija. Akapandabe kutsika, nkhaniyo yachoka kukhitchini, akakambirane ndi dokotala za mankhwala. Ndipo musadikire chizindikiro: kolesterolo wokwera sapweteka, sachititsa chizungulire, amadziwika ndi kupima magazi basi.

Odwala shuga ndi amene ndimawalankhula mosamala kwambiri. Kafukufuku wa 1999 uja anapeza kuti pakati pa odwala shuga, odya dzira tsiku lililonse ankadwala mtima kwambiri kuposa odya ochepa, ndipo kafukufuku wina wa ku Amereka anapezanso zofananako. Koma ku Sydney, mzinda wa ku Ositireliya, ofufuza anagawa pawiri anthu odwala shuga ndi amene shuga wawo anali atayamba kukwera: ena ankadya mazira 12 pasabata, ena osakwana awiri, onse akupewa mafuta oundana. Patatha chaka, kolesterolo wa magulu awiriwo sanasiyane. Dziwani komabe kuti ndalama za kafukufukuyu zinachokera kwa alimi a mazira, komanso anayeza magazi okha, osati kuchuluka kwa odwala mtima. Maganizo anga ndi akuti wodwala shuga asafike pa dzira tsiku lililonse, akhale pa atatu kapena anayi pasabata, mpaka aone LDL wake ndi kumva kwa dokotala.

Bungwe la ku Amereka lija, limene linaika malire mu 1968, kumapeto kwa 2019 linati munthu wathanzi atha kudya dzira limodzi patsiku, ndipo okalamba amene kolesterolo wawo ali bwino atha kufika awiri. Linachenjeza amene kolesterolo wawo ndi wokwera kale, makamaka ngati alinso ndi shuga. Pali gulu linanso lofunika kulitchula, la anthu obadwa ndi kolesterolo wokwera wa kumtundu, pafupifupi mmodzi pa anthu 250 alionse. LDL wawo amafika 4.9 mmol/L kapena kupyola, ena amakhala ndi timabulu tolimba pamtsempha wa kuchidendene, ndipo m'banja mwawo mumakhala amene anadwala mtima asanafike zaka 55 kapena 60. Ngati zimenezi zikukukhudzani, chepetsani mbali yachikasu, koma kadyedwe pakokha sikangatsitse LDL wotereyu mokwanira. Pamafunika mankhwala a gulu la sitatini, ndipo ana anu ndi abale anu a bere limodzi akapimitsenso magazi, chifukwa aliyense wa iwo ali ndi mwayi wa theka wokhala ndi vuto lomweli.