Mavoti 22 kuchokera pa thiransifoma ya mavoti 10

Ndinalumikiza rezisita, koyilo ndi kapasita motsatizana pa 50 Hz. Mita inawerenga 6 V pa rezisita, 12 V pa koyilo ndi 4 V pa kapasita, pamodzi 22, chonsecho thiransifoma ikupereka 10 V basi. Ndinasintha batire la mita, ndinabwerekanso ina, koma ayi ndithu, manambala omwewo.

Chinandimasula ndi kujambula papepala mafeza, timivi toonetsa kukula kwa mavoti ndi ngodya yake. Mavoti a koyilo amatsogolera karenti ndi 90°, a kapasita amatsalira ndi 90°, ndiye awiriwa amachotserana. Apa mpamene pagona nkhani: mita siionetsa ngodya.

Rezisita ili ndi maomu 30, koyilo 60, kapasita 20, ndiye maomu a zonse pamodzi ndinalemba Z = 30 + j(60 − 20) = 30 + j40, pomwe j akuimira ngodya ya 90°, kukula kwake maomu 50. Karenti ndi 10/50 = 0.2 A. Mavoti: 12 − 4 = 8, ndiye √(6² + 8²) = 10 ndendende. Sindinagule kalikonse, kakyuleta inakwanira.