Mmene mungadziwire kuti mawu amene mwalemba atenga mphindi zingati

Malume anga atamwalira ku Matero kuno ku Lusaka, abale anandisankha kuti ndiwerenge mbiri yawo m'tchalitchi. Oyendetsa mwambo anati, "Mphindi 5 basi, abusa ali ndi maliro ena masana." Ndinalemba mawu 700, ndikuwerengera kuti munthu amalankhula mawu 140 pa mphindi monga ndinaonera pa intaneti. Ndinakhala kutsogoloko mphindi 11, mabasi opita kumanda a Chingwere akulira panja, abusa akungoyang'ana wotchi.

Nambala ya 140 ija ndi ya Chingerezi, ndipo ndi ya munthu amene akungocheza. Mawu athu ndi aatali. "Sindidzakuiwalani" kompyuta imawerenga kuti ndi liwu limodzi, koma m'Chingerezi ndi mawu asanu. Choncho tsamba la Chichewa limaoneka ngati lili ndi mawu ochepa pamene pakamwa likuchedwa.

Yambani ndi kudziwa kuchuluka kwa mawu anu. Mu Word nambalayo imaoneka pansi kumanzere, mu Google Docs dinani Ctrl+Shift+C. Ngati munalemba pamanja, werengani mawu a mizere 5, pezani a mzere umodzi, muchulukitse ndi mizere yonse. Musawerengere masamba. Anyamata ena otayipa m'tauni amakulitsa zilembo mwadala kuti masamba achuluke, popeza amalipiritsa pa tsamba, ndiye masamba awiri anu amabwera ali anayi.

Kenako dziyeseni nokha. Tengani mawu 200 a pakati pa nkhani yanu, imirirani, tsegulani wotchi ya pa foni, muwerenge mokweza ngati mukuuza munthu ali kuchipinda china. Kuwerenga chamumtima sikuthandiza, maso amathamanga kuposa lilime. Ine mawu 200 amanditengera mphindi 2, ndiye liwiro langa ndi mawu 100 pa mphindi. Lanu likhoza kusiyana, gwiritsani lanulo.

Apa ndi pamene ndinagwa. Ngakhale ndikanadziyesa kunyumba, ndikanapeza mphindi 7, osati 11. Mphindi zinazo zinadyedwa ndi mwambo. Pa maliro munthu suthamanga, umasiya chiganizo chilichonse chikhale pansi kaye, ndipo zokuzira mawu za m'tchalitchi zimabweza mawu ako moti ukafulumira akumbuyo samva kanthu. Masiku ano ndimachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a liwiro langa, 100 imatsika kufika pa 75. Mawu 700 aja pa 75 ndi mphindi 9 ndi masekondi 20.

Nthawi yotsalayo inapita pa zinthu zimene sizinali papepala. Sungayambe osapereka ulemu kwa abusa, akuluakulu a mpingo, anamfedwa ndi amene achokera kumudzi ku Katete, ndipo pamenepo theka la mphindi latha. Zaka nazo zimanyenga: 1958 kompyuta imati ndi liwu limodzi, koma pakamwa ndi "nayintini fifite eyiti", ndipo mbiri ya munthu imadzaza ndi zaka ndi mayina a ana. Nditafika pa dzina la mwana wawo womaliza, mayi ake anayamba kulira, inenso mawu anandithera pakhosi. Ndinaima ndithu, ndikuyang'ana pepala lomwe silinkaonekanso bwino.

Ndiye werengerani chobwerera, kuyambira pa nthawi imene mwapatsidwa. Pa mphindi 5 chotsani imodzi ya malonje ndi kupuma, zatsala 4. Chulukitsani ndi 75, mupeza mawu 300. Ndi ochepa, ndikudziwa, sadzaza ndi tsamba lomwe, koma mbiri ya malume inayenera kukhala yotalika chomwecho.

Funsaninso ngati padzakhala womasulira. Kuno ku Lusaka si zachilendo kuti mawu atembenuzidwe m'Chibemba kapena m'Chingerezi, ndipo zikatero nthawi yanu yagawidwa pawiri, mawu 300 aja atsike kufika pa 150. Omasulira ena amawonjezeranso ulaliki wawo, koma zimenezo sindingakuthandizeni.

Pa ukwati masamu ndi omwewo, kungoti nthawi imadyedwa ndi nthungululu, kuseka ndi anyamata a zoimbira amene amalowetsa nyimbo mukangopuma. Auzeni msanga kuti adikire mpaka mutakhala pansi.

Zotsalazo n'zachidule. Dulani mpaka nambala ikwane, chongani ndime imodzi imene mungadumphe ngati oyendetsa mwambo ayamba kukuyandikirani, musindikize ndi zilembo zazikulu, ndipo muwerenge kamodzi usiku wake wotchi ili m'manja.