Malangizo a kagwiritsidwe ntchito: maiki ya kondensa ndi magetsi a +48V

Malangizowa ndi a inu amene mwagula maiki ya kondensa kuno ku Mzuzu ndipo mukupita nayo ku Lundazi kapena ku Chipata. Awerengeni musanailumikize, chifukwa maiki yabwinobwino imakhala chete ngati yakufa ikasowa magetsi ake.

M'mutu mwa maikiyi muli kachikopa kopyapyala kwambiri kamene kayandikana ndi kambale kachitsulo, koma sizikhudzana. Mawu akagwedeza kachikopako, mpata wa pakati pa ziwirizi umasinthasintha, ndipo kusinthako kumasanduka mawu a m'nthambo pokhapokha ngati pali magetsi. Mawuwo amatuluka ofooka zedi, choncho m'kati momwemo muli kachipangizo kowalimbitsa kuti athe kuyenda m'nthambo yaitali. Nakonso kamadya magetsi. Maiki ya dayinamiki, ija yoimbira m'tchalitchi, ili ndi maginito ndi waya wokulungidwa, ndiye imadzipangira yokha mphamvu.

Magetsi amenewa amatchedwa fantomu, kutanthauza mzukwa, popeza alibe nthambo yawoyawo. Amachokera ku mikisa n'kudutsa m'nthambo yomweyo ya XLR ya mapini atatu. Pini 2 ndi pini 3 iliyonse imalandira mavoloti 48 ofanana ndendende, ndipo amabwerera kudzera pa pini 1, yolumikizidwa ku waya wolukidwa wokuta nthamboyo. Poti 2 ndi 3 n'zofanana, dayinamiki yolumikizidwa bwino simva kanthu. Nthambo yothera ku jaki, kapena kabowo ka maiki ka pa laputopu, sizipereka fantomu.

Polumikiza, tsitsani voliyumu ya masipika, lowetsani nthambo mbali zonse ziwiri, kenaka dinani batani lolembedwa +48V kapena PHANTOM. Dikirani masekondi angapo musanakweze GAIN, kotembenuza ka pa mikisa kokweza mphamvu ya mawu ochokera ku maiki. Pochotsa yambani ndi kutsitsa voliyumu, zimitsani +48V, dikiraninso pang'ono, nthambo pomaliza. Mukazula nthambo magetsi ali oyaka, masipika amachita phu! ndipo tisipika ting'onoting'ono ta mawu opyapyala tikhoza kupsa.

Fantomu ikasowa yonse, simumva kanthu, kapena mumamva mawu akutali kwambiri mutakweza GAIN mpaka kumapeto. Ikakhala yochepa ndiye imasokoneza mutu, chifukwa maiki imalankhula ndithu. Mawu amatsika, kumamveka kuti siii, ndipo woimba akakweza mawu amasasa ngati sipika yong'ambika. Mikisa ina yotchipa imatulutsa mavoloti ochepera pa 48 ngakhale kanyale kake kayake. Kanyaleko musakakhulupirire: kamangonena kuti batani ladinidwa, osati kuti magetsi afika ku maiki.

Tiyerekeze kuti kwaya yanu ikujambula nyimbo. Mwadina +48V, kanyale kayaka, kondensa ili zii. Mwaikapo dayinamiki pa nthambo yomweyo, yalankhula, mwina ndi kaphokoso ka mmm. Pamenepa ambiri amaweruza kuti kondensa yafa, koma ayi, kaikirani nthambo. Dayinamiki imangofuna pini 2 ndi 3, choncho waya wa pini 1 ukaduka iyo imalankhulabe, pamene kondensa imasowa njira yobwezera magetsi.

Tengani mita yoyezera magetsi, muiike pa DC, pa mlingo woposa mavoloti 60. Maiki itazulidwa ndipo +48V ili yoyaka, yezani pa timabowo ta kumapeto kwa nthambo, mosamala kuti nsonga za mita zisakhudzane. Pakati pa 1 ndi 2 muyenera kupeza mavoloti 44 mpaka 52, pakati pa 1 ndi 3 chimodzimodzi, pakati pa 2 ndi 3 ziro. Ngati 1 ndi 2 komanso 1 ndi 3 zikuonetsa ziro, yezani pa bowo la mikisa penipeni. Mukapeza 48 pamenepo, mikisa ilibe mlandu: masulani pulagi ya nthambo, nthawi zambiri mupeza waya wolukidwa uja utathothoka powotcherera. Ngati pini imodzi ili ndi 48 inzake ziro, waya wa pini ya ziroyo ndi umene waduka. Nthambo yotere musaikeko maiki ya riboni, ija yokhala ndi kaliboni kachitsulo kopyapyala m'kati, imaonongeka msanga.

Amisiri oyeza maiki ili yolumikizidwa asadabwe kupeza mavoloti otsika. Magetsiwa amadutsa m'marezisita awiri a 6.8 kΩ, ndiye maiki yodya 4 mA imawatsitsa kufika pa 34 kapena kuyandikira pamenepo. Imeneyo si nthenda.

Kuthetheka kwa ngati nkhuni zikuyaka nthawi zina kumachokera ku pini yadzimbiri kapena yokhwepa, imene imadula magetsi n'kuwabweza. Gwedezani pulagi pang'onopang'ono mukumvetsera ndi voliyumu yotsika. Phokoso likamatsatira dzanja lanu, mwalipeza vuto. Likapanda kutsatira, ganizirani chinyezi. Nkhungu ndi mvula ya mawawa ya ku Mzuzu kuno zimanyowetsa kachikopa kaja, magetsi n'kumadontha pamene sayenera. Ikani maikiyo m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timatumba toyamwa chinyezi tija timabwera m'makatoni, ikhalemo tsiku limodzi kapena awiri. Musaiyanike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, ndipo musauzire mpweya m'mutu mwake poyesa ngati ikulankhula.